Kugawana zokolola ndi chuma cha masiye pa maperesenti: yambani mwagwirizana za mulu womwe mukugawa

Pachibale sipavuta kwenikweni kugwirizana kuti uyu adzatenga 40 peresenti, uyo 25. Mkangano umabuka tsiku logawana, matumba ali pakhonde, pamene zadziwika kuti aliyense ankawerengera peresenti yake pa mulu wosiyana. Amene analima akuwerengera zotsala akachotsa ndalama zomwe anawononga. Wa ku tauni akuwerengera chimanga chonse chomwe chinatuluka m'munda. Amayi akukumbukira matumba awiri amene anatuluka m'nyumba mwezi wa Meyi koma palibe akuwatchula. Onsewa masamu awo ndi olondola, chomwe sanagwirizane ndi chakuti peresentiyo ndi ya chiyani.

Ndiye tiyeni titenge banja limodzi longoyerekeza, tiyende nalo kuyambira mvula isanagwe mpaka thumba lomaliza litasokedwa. Bambo anamwalira n'kusiya munda. Mwana wamkulu ndi amene ali kumudzi ndipo ndi amene amalima. Mlongo wake amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo amatumiza ndalama za feteleza. Amayi ali moyo koma khasu linawakanika. Palinso ana atatu a mchemwali wawo amene anatsikira kuli chete, omwe akuleredwa ndi azakhali awo. Banjali lagwirizana motere: wolima 40 peresenti, amayi 25, wa ku Lilongwe 20, ana amasiye 15.

Musanadzale: khalani pansi ndi kope

Ntchito yoyamba ndi yochitika mu Okutobala kapena Novembala, osati chimanga chitalowa m'nyumba. Nthawi imeneyi palibe amene akudziwa ngati chaka chidzakhale chabwino, choncho anthu amalankhula mofatsa ndiponso mwachilungamo. Mukadikira mpaka matumba aoneke, aliyense amayamba kuwerenga ndi maso.

Phatikizani magawo onse muone ngati akukwana 100. Zikuoneka ngati zachibwana, koma m'mabanja ambiri mgwirizano umapangidwa ndi pakamwa, komanso pa nthawi zosiyanasiyana. Wolima anauzidwa kuti adzatenga theka. Amayi analonjezedwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Wa ku tauni anamva pafoni kuti lake ndi gawo limodzi mwa anayi. Theka ndi 50, gawo limodzi mwa atatu ndi 33 ndi kakang'ono, limodzi mwa anayi ndi 25. Zonse pamodzi zapitirira 108, pomwe ana amasiye sanatchulidwe n'komwe. Banja lathuli lili bwino: 40, 25, 20 ndi 15 zikupereka 100 ndendende.

Kenako pambali pa dzina lililonse lembani chimene gawolo likulipira. Apa ndi pamene pamabisala mlandu waukulu. Mlongo wa ku Lilongwe watumiza ndalama za matumba anayi a feteleza. Kodi ndalamazo ndi ngongole yoti adzabwezeredwe, kapena ndi zimene zikumugulira 20 peresenti yakeyo? Zonse ziwiri n'zotheka, koma sankhani chimodzi. Akabwezeredwa ndalama zake zonse n'kutenganso 20 peresenti, ndiye kuti wadya kawiri, pomwe mchimwene wake amene anapsa ndi dzuwa miyezi isanu sanabwezeredwe thukuta lake. M'banja lathuli alemba kuti feteleza wa mlongoyo sabwezedwa, monganso mphamvu za wolima sizilipidwa padera. Amayi akulandira chifukwa cha munda, ana amasiye chifukwa cha gawo la mayi awo.

Pomaliza lembani mndandanda wa ndalama zimene zidzachotsedwe pa mulu wa onse musanagawane: aganyu okolola, ngolo yotuta chimanga, matumba, mankhwala a anankafumbwe, ngongole iliyonse yotengedwa chifukwa cha mundawo. Chimene sichili pa mndandandawu chisadzatulukire tsiku logawana pokhapokha onse anauzidwa pa nthawi yake. Wolima akhale ndi tsamba lake m'kope lomwelo, azilemba tsiku, ndalama ndi amene walipidwa. Kujambula tsambalo ndi foni n'kutumiza pa gulu la banja la pa WhatsApp mwezi ndi mwezi kumachotsa manong'onong'o ambiri.

Padzapezeka wina wonena kuti, "Zolembalembazi n'zachiyani, ife si pachibale? Chibale n'fupa, sichiwola." Muyankheni mwaulemu kuti kopelo si loteteza inu amene mukutha kudzilankhulira, koma ana atatu aja amene sakhala nawo pa zokambiranazi.

Musagawe ngolo, musagawe mizere

Pali njira ziwiri zachidule zimene anthu amakonda, ndipo zonse n'zonyenga. Yoyamba ndi kugawana mizere ya m'munda: mizere 40 ya uyu, 25 ya uyo. Munda subereka mofanana. Mbali ya kuchulu imachita bwino, mbali ya kumchenga kapena kumene kunamera kaufiti imatulutsa tizitsononkho. Yachiwiri ndi kuwerenga ngolo za chimanga chosatonola. Ngolo ziwiri zodzaza mofanana zikhoza kusiyana kwambiri zikatonoledwa, chifukwa ina yadzaza ndi makoko ndi zitsononkho zazikulu zopanda maso ambiri.

Chogawidwa chikhale chimanga chotonola, chopeta, chouma, choyezedwa pa sikelo imodzi tsiku limodzi. Mawu onsewa ali ndi chifukwa chake, koma lofunika kuliyang'anitsitsa ndi la kuuma.

Chimanga chongochoka kumunda chimakhala ndi madzi ambiri m'kati. Choyenera kusungidwa chimafunika chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti. Ngati thumba la makilogalamu 50 layezedwa chinyezi chili pa 20 peresenti, likadzauma bwino lidzatsika kufika pa makilogalamu 46. Pa matumba khumi, ndiye kuti makilogalamu 40 apita ndi mphepo. Tsono taganizani wa ku tauni wabwera mofulumira kumayambiriro kwa Meyi, wayezeredwa chake chikadali chachiwisi n'kupita nacho, ena n'kudzayeza chawo mu Julayi. Iyeyo wanyamula madzi, ndipo mwina chikamuwolera m'nyumba. Kapena mosemphanitsa: mwayeza mulu wonse uli wosauma, mwalemba nambala, wina wapatsidwa makilogalamu ake onse chitauma, ndipo womaliza kulandira ndi amene wasenza kuchepa konse.

Kudziwa kuti chauma sikulira makina. Lumani njere: youma imasweka ndi phokoso, yosauma imangophwanyika mofewa, mano n'kulowa. Njira ina yodalirika ndi ya mchere. Tengani botolo lagalasi louma bwino, muthiremo chimanga kufika gawo limodzi mwa atatu, muwonjezere masipuni awiri kapena atatu a mchere wouma, mutseke n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Lisiyeni mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Popeta, patulani chowola ndi chofumbwa chikhale mulu wakewake. Musachisakanize ndi chabwino kuti matumba achuluke, ndipo musachipatse munthu mmodzi ngati gawo lake. Chankhungu si choyenera kudya anthu, ngakhale ziweto zimene. Chongosweka kapena cha njere zing'onozing'ono, ngati chilipo chochuluka, chigawidwe padera pa maperesenti omwewo.

Sikelo, osati ndowa

Kumudzi timakonda kunena kuti ndowa zitatu ndi thumba. Pogulitsana pang'ono zimatheka, koma pogawana matumba makumi asanu ndi limodzi kusiyana kwake kumakula. Ndowa yosefukira ndi ndowa yosalaza pakamwa si zofanana, ndipo dzanja la woyeza limalemera akafika pa thumba lake. Thumba nalonso si muyezo. Lina lasokedwa pafupi ndi kukamwa, lina lapindidwa, lina latsenderedwa ndi mtengo mpaka kupitirira makilogalamu 55.

Bwerekani sikelo yopachika, ndipo muiyese kaye anthu onse akuona. Pachikani ndowa yopanda kanthu muwerenge, kenako muthiremo malita 20 a madzi oyezedwa bwino: sikelo iyenera kukwera ndi makilogalamu 20. Ikasemphana pang'ono musataye mtima, bola onse ayezeredwe pa sikelo yomweyo, pakuti kulakwitsa kwake kugwera aliyense molingana ndi gawo lake. Choopsa ndi kuyeza ena pa sikelo ya kusitolo ya zipangizo zaulimi, ena pa sikelo ya venda wogula mbewu. Thumba lililonse lilongedwe makilogalamu 50, mmodzi aziwerenga sikelo mokweza, wina wa nyumba ina azilemba. Ngati sikelo yasoweratu, gwiritsani ntchito ndowa imodzi, muzisalaza pakamwa ndi kathabwa nthawi zonse, ndipo woyeza akhale munthu wopanda gawo.

Banja lathuli layeza ndipo lapeza makilogalamu 3,170 a chimanga chabwino.

Bwezani pa pepala zimene zinatuluka kale

Nambala imeneyi si zokolola zonse. Mu Meyi wolima anatapa matumba awiri, makilogalamu 100, n'kugulitsa kuti alipirire mwana wake fizi. Sanabe, anawauza amayi. Koma matumbawo ndi a mulu wa onse, choncho ayenera kuwerengedwa. Sitikumuuza kuti akagule chimanga adzabweze, ayi. Tingowonjezera 100 pa pepala, zokolola zonse zikhale 3,270, ndipo pamapeto tidzachotsa 100 yomweyo pa gawo lake.

Anthu ambiri amadumpha sitepe imeneyi poganiza kuti matumba awiri ndi nkhani yaing'ono. Mukawasiya osawerengedwa, wolimayo apindula ndi makilogalamu 60 osakhala ake: amayi ataya 25, mlongo 20, ana amasiye 15. Za chimanga chachiwisi chimene ana anakazinga kapena kuphika mu Malichi musavutike nazo, banja lowerenga mondokwa lafika poipa. Koma chilichonse chotuluka pa thumba chilembedwe, ngakhale chitapita ku maliro a pamudzi.

Chotsani zowonongedwa, kenako gawani

Tsegulani tsamba la wolima lija. Tiyerekeze kuti analipira aganyu okolola K120,000 kuchokera m'thumba mwake, ngolo K60,000, matumba ndi mankhwala K70,000. Feteleza wa mlongo anaperewera, choncho banja linavomereza kuti atenge ngongole ku banki mkhonde ya thumba lachisanu, ndipo pamodzi ndi chiwongoladzanja yafika K150,000. Zonse pamodzi ndi K400,000.

Ndalamazi ziyenera kusandulika makilogalamu, ndipo apa pafunika mtengo umodzi wogwirizana. Tengani mtengo wa pamsika wapafupi wa sabata yomwe mukugawanayo, osati wa ku Lilongwe, osatinso umene mukuyembekezera mu Febuluwale chimanga chikadzasowa. Kuti masamu asavute, tiyerekeze kuti ndi K1,000 pa kilogalamu. Ndiye kuti makilogalamu 400, matumba asanu ndi atatu, apatulidwe. Kwa ine chabwino ndi kuwagulitsadi matumbawo, ngongole ya banki mkhonde ibwezedwe tsiku lomwelo pali mboni, wolima alandire K250,000 yake m'manja. Mukamupatsa chimanga m'malo mwa ndalama, mtengo ukadzakwera kudzamveka mawu oti anapindula, ukadzatsika iyeyo adzadandaula. Ngati akufuna chimangacho, aloledwe, koma zilembedwe kuti wasankha yekha.

Chotsala ndi 3,270 kuchotsa 400, zomwe ndi 2,870. Uwu ndiye mulu womwe maperesenti akugwirapo ntchito. Kuti muone kulemera kwa sitepe imeneyi, taonani zikanachitika akanagawana 3,270 yonse n'kumusiyira wolima kuti alipire yekha zowonongedwa. Akanalandira 1,308, n'kuchotsapo 400, n'kutsala ndi 908. Gawo lake lenileni ndi 1,148. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 240, pafupifupi matumba asanu. Munthu wochitidwa zimenezi chaka chamawa salimanso munda wa banja, ndipo simungamunene.

Masamu ake safuna foni. Pezani 10 peresenti pogawa mulu ndi 10: 2,870 ipereka 287. Theka la nambala imeneyi, 143.5, ndi 5 peresenti. Ndi manambala awiriwa mumanga gawo lililonse.

Wolima, 40 peresenti: 287 kanayi, zomwe ndi 1,148. Kuchotsa 100 anatenga kale, watsala ndi 1,048.
Amayi, 25 peresenti: 287 kawiri kuwonjezera 143.5, zomwe ndi 717.5.
Mlongo wa ku Lilongwe, 20 peresenti: 287 kawiri, zomwe ndi 574.
Ana amasiye, 15 peresenti: 287 kuwonjezera 143.5, zomwe ndi 430.5.

Musananyamule thumba ngakhale limodzi, phatikizani: 1,048 ndi 717.5 ndi 574 ndi 430.5 zikupereka 2,770. Pakhonde panali 3,170, mwachotsa 400, patsala 2,770. Zagwirizana. Zikapanda kugwirizana, pali pena mwalakwitsa, ndipo kawirikawiri ndi pa zimene zinatuluka kale zija: mwaziwonjezera koma simunazichotse, kapena mwazichotsa kawiri.

Tsopano perekani matumba athunthu kaye. Wolima 20, amayi 14, mlongo 11, ana amasiye 8. Onse pamodzi ndi 53. Patsala makilogalamu 120, omwe muwayeze pa sikelo: 48 kwa wolima, 17 ndi theka kwa amayi, 24 kwa mlongo, 30 ndi theka kwa ana. Osanena kuti "zotsalazi zingopita kwa olima" kapena "tingozungulitsa nambala" popanda kufunsa eni ake. Amene akufuna kusiyira mnzake makilogalamu ake anene yekha ndi pakamwa pake, atadziwa kaye kuti ndi angati. Mlongo akhoza kunena kuti, "Achimwene, 24 yangayo ipite kwa anawa," ndipo imeneyo ndi mphatso yooneka. Akangomudula mwakachetechete, ndi kuba, ngakhale kutakhala kochepa.

Gawo la ana amasiye ndi la nyumba ya mayi awo, choncho 15 peresenti ndi ya atatu onse, aliyense 5 peresenti, makilogalamu 143.5. Izi zimafunika kutchulidwa ngati anawo akuleredwa m'makomo osiyana. Akakhala pamodzi, chimangacho chiperekedwe kwa amene akuwadyetsa, ndipo asayine kuti walandira m'malo mwawo.

Matumba akagawidwa, alembedwe zizindikiro ndi utoto kapena makala. Kuyambira pamenepo, lofumbwa ndi la mwini wake. Wa ku tauni akasiya matumba ake 11 kumudzi mpaka Disembala, anene amene aziwayang'anira komanso amene adzagule mankhwala ena. Galimoto yopita nawo ku Lilongwe alipire yekha. Chopereka cha masika ku tchalitchi nachonso ndi bwino aliyense apereke pa gawo lake, makamaka ngati pabanjapo mumapemphera kosiyana.

Chikakhala chuma cha masiye

Ndondomeko ndi yomweyi: dziwani mulu, chotsani ngongole, bwezani pa pepala zotengedwa kale, kenako gawani. Koma pali zinthu ziwiri zosiyana ndi za chimanga. Choyamba ndi chakuti pano mgwirizano wa banja suli pamwamba pa lamulo.

Ngati malemu anasiya wilo yovomerezeka, imeneyo ndiyo itsatidwe. Ngati sanasiye, ku Malawi kuli lamulo la chuma cha masiye la 2011, lomwe linalowa m'malo mwa la 1967. Lamuloli likuti chumacho ndi cha mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ake, ndi anthu ena amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo. Atsibweni, abale ndi alongo a malemu sakhala ndi gawo chifukwa cha chibale chokha, kaya ndi kwa achikamwini kaya kwa olowola. Katundu wa m'nyumba amene banjalo linkagwiritsa ntchito amatsala ndi wamasiye. Lamuloli silitchula maperesenti, koma limati odalira malemu atetezedwe ku mavuto, ndiponso kuti pakati pa ana, wamng'ono ayenera kuganiziridwa koposa wamkulu. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangitsa. Ku Zambia zinthu n'zosiyana, chifukwa lamulo la kumeneko la 1989 linaikiratu manambala: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena omudalira. Achibale a ku Chipata ndi a ku Mchinji asamabwerekane manambala, aliyense atsate lamulo la dziko limene kuli chumacho.

Choncho maperesenti amene mwagwirizana pansi pa mtengo akhale oti mukhoza kuwaonetsa kukhoti osachita manyazi. Ndipo muyenera kupitako ndithu, chifukwa ndalama za kubanki ndi nyumba ya mapepala sizisinthidwa dzina ndi kalata ya banja yokha. Pamafunika chikalata cha imfa ndi chilolezo cha khoti chosankha woyendetsa chumacho. Poyambira pafupi ndi ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu. Ndalama za penshoni zimayenda njira yakeyake, motsatira mayina ndi magawo amene malemu analemba pa fomu ya kuntchito, choncho musaziphatikize pa mulu wanu. Chimodzimodzi chimene wamasiye anagula ndi ndalama zake, kapena gawo lake pa zimene anapeza limodzi ndi malemu, si chuma cha masiye. Chipatulidwe kaye.

Chachiwiri ndi chakuti ng'ombe ndi nyumba sizipungulidwa ngati thumba. Chilichonse chiyenera kupatsidwa mtengo, ndipo mitengo yonse ikhale ya nthawi imodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Banja limene linaika mtengo wa njinga yamoto mwezi umenewo usanafike n'kudzagawana ndalama za kubanki chaka chotsatira linapondereza onse amene analandira ndalama.

Tiyerekeze banja lina: amayi 40 peresenti, mwana wamng'ono amene ali pasukulu 25, wapakati 20, wamkulu amene ali pantchito 15. Malemu asiya nyumba ya K12,000,000, ng'ombe zinayi za K600,000 iliyonse, njinga yamoto ya K1,600,000, ndi K5,000,000 kubanki. Ngongole ndi zotsala za pamaliro ndi K1,000,000, zomwe zichoka pa ndalama za kubanki, kutsala K4,000,000. Mulu wonse ndi K20,000,000.

Muona msanga kuti nyumba yokha ndi 60 peresenti ya chuma chonse, kuposa gawo la wina aliyense. Izi n'zimene zimachitika m'mabanja ambiri, ndipo ndi pamene wina amayamba kunena kuti nyumba igulitsidwe. Ine ndimati musathamangire kugulitsa denga limene amayi ndi mwana wasukulu akugonamo. Ichotseni pa mulu wogawana lero, ikhale ya onse anayi pa maperesenti omwewo, ndipo zilembedwe kuti amayi azikhalamo. Ikadzachititsidwa lendi, muyambe mwachotsa zokonzetsera ndi msonkho wa khonsolo, zotsalazo ndi zimene zigawidwe 40, 25, 20, 15.

Patsala K8,000,000: ng'ombe K2,400,000, njinga K1,600,000, ndalama K4,000,000. Gawo la amayi ndi K3,200,000, la wamng'ono K2,000,000, la wapakati K1,600,000, la wamkulu K1,200,000. Wamkulu akufuna njinga kuti azichitira kabaza, koma njingayo ikuposa gawo lake ndi K400,000. Aitenge, koma aponye K400,000 mu mulu, ndalama zikhale K4,400,000. Amayi atenge ng'ombe ziwiri ndi K2,000,000. Wamng'ono ng'ombe imodzi ndi K1,400,000. Wapakati ng'ombe imodzi ndi K1,000,000. Phatikizani ndalama zokhazo muona kuti zakwana K4,400,000. Njingayo isachoke pakhomo K400,000 isanaperekedwe, chifukwa ngongole ya pachibale yolonjezedwa kumapeto kwa mwezi imatha zaka.

Nanga mtengo wa njingayo waika ndani? Amene akufuna chinthu amachipeputsa, amene sakuchifuna amachikweza. Funsani anthu awiri kapena atatu ogulitsa zinthu zoterozo, opanda chibale ndi inu, mutenge mtengo wapakati. Za ng'ombe kafunseni kumsika wa ziweto, ndipo musaziike mtengo umodzi ngati ina ili ndi bere, ina ndi nkhalamba. Nyumba ya m'tauni imafunika katswiri wovomerezeka woyesa mtengo wa nyumba. Mukakanganabe, pali kanjira kothandiza: wotchula mtengo akhale wokonzeka kutenga chinthucho pa mtengowo kapena kuchisiyira mnzake pa mtengo womwewo. Wamkulu akati njinga ndi ya K1,000,000 yokha, wapakati ali ndi ufulu wonena kuti, "Chabwino achimwene, pa mtengo umenewo nditenga ndine." Mtengo umakwera wokha. Awiri akafuna chinthu chimodzi pa mtengo wofanana, chitani maere.

Ndalama za mwana wamng'ono zisalowe m'thumba la munthu "wosunga". Zitsegulidwire akaunti yodziwika kuti ndi ya mwanayo, ndipo zotapidwa za fizi zizilembedwa. Ng'ombe yake idziwike maonekedwe ake, ndipo mulembe kuti ana amene idzabereke ndi ake.

Pepala lomaliza

Kaya ndi chimanga kaya ndi chuma cha masiye, tsiku logawana lithere pa pepala limodzi. Palembedwe tsiku, mulu wonse, zochotsedwa chimodzichimodzi, mtengo womwe mwagwiritsa ntchito, peresenti ya aliyense, zimene anatenga kale, ndi zimene walandira lero. Aliyense asayine kapena adinde chala, pamodzi ndi mboni ziwiri zopanda gawo, monga ankhoswe kapena mkulu wa mpingo. Amene sadziwa kuwerenga awerengeredwe mokweza ndi munthu amene amusankha yekha. Amene ali ku Joni kapena kwina kutali atumiziridwe chithunzi cha pepalalo katundu asanasunthe, ayankhe ndi uthenga wolemba kapena wa mawu, ndipo uthengawo usungidwe. Ngati gawo lake litumizidwa pafoni, gwirizanani kuti ndalama yodulidwa potumiza ichoka pa gawo lakelo. Pa nkhani ya munda ndi ziweto, kaonetseni pepalalo kwa amfumu adindepo chidindo, ndipo nyumba iliyonse isunge kope lake.